Sikiripiti ya banki mkhonde ikuyenda pa Python 3 koma manambala asintha, ndalakwitsa pati?

chemwali_wa_mbayani

Moni nonse. Ndithandizeni mutu usanandipweteke. Mayi anga ndi msungichuma wa banki mkhonde kuno ku Mbayani, gulu la anthu 24. Msuweni wanga wina anawalembera kapulogalamu ka Python 2 kowerengera zogawana pakutha pa chaka, ndipo kagwira ntchito zaka zingapo popanda wodandaula. Laputopu yakaleyo inafa mwezi watha, mwini kulembayo ali ku Joni ndipo sayankha msanga. Ine ndaika Python 3.12 pa laputopu yanga ya Windows. Poyamba inakaniratu ndi uthenga uwu:

```
SyntaxError: Missing parentheses in call to 'print'. Did you mean print(...)?
```

Ndinakhala pansi nkuika mabulaketi pa `print` aliyense amene inandilozera, nkukonzanso zina zimene inkakana, mpaka inasiya kudandaula. Tsopano ikuyenda, koma zinthu ziwiri zandizunguza. Choyamba, maina onse akutuluka mu mzere umodzi wautali, pomwe kale munthu aliyense ankakhala pa mzere wake. Chachiwiri ndiye choopsa. Ndayesa ndi manambala a chaka chatha, thumba K4,387,500, masheya onse 1,240. M'kope la alembi mayi wina wa masheya 85 analandira K300,700, koma ine ikundipatsa K300,756. Zotsala m'bokosi zinali K950, pano ikuti 0. Mtima wa sikiripitiyo, mmene unalili ndisanaukhudze, ndi uwu:

```python
pa_sheya = thumba / masheya_onse
for dzina, masheya, ngongole in mamembala:
    gawo = pa_sheya * masheya - ngongole
    gawo = (gawo / 50) * 50
    print dzina,
    print "K%d" % gawo,
    print
```

Kugawana kuli Loweruka likubwerali. Ndikapita ndi manambala olakwika, amayi a gulu lija mukuwadziwa, sadzandisiya.

Phwitiko

Yophweka iyi achemwali. Python 3 anasintha kugawa. Tsegulani fayilo, paliponse pali `/` ikani `//`, mphindi imodzi mwamaliza.

Gogo_Fortran

Phwitiko, wagwira matenda koma mankhwala wapereka mopyola. Achemwali, musathamange kusintha onse. Tiyeni tione kaye mmene K56 ija yabadwira, mukaimvetsa ndiye mudziwa nokha pokhudza ndi posiya.

Mu Python 2, nambala yathunthu ikagawidwa ndi yathunthu inzake yankho limakhalanso lathunthu, zotsalira zimatayidwa. Ndiye 4,387,500 kugawa kwa 1,240 inkatuluka 3,538 basi. Mukachulukitsa 3,538 ndi 1,240 mupeza 4,387,120, kutanthauza kuti K380 inkatsala m'bokosi pa mzere woyamba womwewo. Mayi a masheya 85 ankapeza 3,538 kuchulukitsa 85, yomwe ndi 300,730. Kenaka mzere wa 50 uja: 300,730 kugawa kwa 50 inkatuluka 6,014, kuchulukitsanso 50 nkukhala 300,700. Msuweni wanu sanalembe mzerewo mwa ngozi ayi. Ankafuna kuti aliyense alandire ndalama yoti itheke kuwerengedwa m'manja, osavutika kufuna tchenje.

Mu Python 3, `/` amasunga zidutswa nthawi zonse. Mtengo wa sheya wakhala 3,538.306 ndi kamchira kake, kuchulukitsa 85 nkukhala 300,756.05. Mzere wa 50 ndiye wasanduka wachabe: kugawa kwa 50 nkuchulukitsanso 50 mumabwerera pomwe munachokera. Popeza palibenso chikutayidwa, thumba lonse likugawidwa mpaka pansi, nchifukwa chake zotsala zikuti 0.

Chimene chinakubisirani vutoli ndi `%d`. Iyeyu akalandira nambala yokhala ndi zidutswa amangodula mchira mwakachetechete nkusindikiza 300756, osanena kalikonse. Pakanalembedwa `print gawo` chabe mukanaona kadontho ndi manambala ambuyo, nkudabwa msanga. Mizere iwiriyo ikufunadi `//`. Ina yonse sindinaione, ndiye sindingalumbire.

Phwitiko

Ndiye mwasiyana nane pati madala? Inunso mwathera pa `//` pomwepo.

Gogo_Fortran

Ndasiyana nawe pa mawu oti "paliponse". Achemwali, tapezani mizere ina yonse yomwe muli `/` muiike pano.

chemwali_wa_mbayani

Zikomo agogo, mpaka ndawerenga ndi kakyuleta ya pa foni, zikugwirizana ndendende. Ina ndi iyi, ndapeza inayi:

```python
f = open("zotuluka/gawo.txt", "w")
chiwongola = ngongole * 20 / 100
avereji = float(masheya_onse) / len(mamembala)
peresenti = obweza_nthawi / len(mamembala) * 100
```

mbewa_ya_manyazi

Hahaha Phwitiko bwera udzaone. Wachitatuwo ukaika `//` avereji ya masheya ichoka pa 51.67 kufika pa 51.0, ndipo palibe chingakuchenjeze. Mwini wake analemba `float` dala kuti zidutswa zisatayike. Umenewo usiyeni mmene ulili, ukugwira bwino mbali zonse ziwiri. Woyambawo si kugawa nkomwe, ndi njira ya fayilo.

Koma wachinayiwo ndi umene wandiseketsa. Achemwali, pa mapepala akale mzere wa peresenti unkati chiyani?

chemwali_wa_mbayani

Unkati 0 chaka chilichonse! Mayi ankangoudumpha, amati ndi zachizungu za kompyuta. Pano ukuti 75.

mbewa_ya_manyazi

Ndimaganiza choncho. Anthu 18 mwa 24 anabweza pa nthawi yake, Python 2 nkuti 18 kugawa kwa 24 ndi 0, kuchulukitsa 100 ndi 0 yemweyo. Msuweni wanu analakwitsa pamenepo kalekale, Python 3 wakonza osapemphedwa. Ukanangotuluka 100 chaka chimene onse abweza bwino. Mukaikapo `//` mukhala mwabwezeretsa cholakwika chakale ndi manja anu.

Phwitiko

Chabwino ndagonja pa iwiriyo. Koma wa chiwongola dzanja uja ndi wanga, `//` basi.

Gogo_Fortran

Umenewo tenga. Ngongole ikakhala 35,000 yankho ndi 7,000 mbali zonse, kusiyana nkwakuti Python 3 apereka 7000.0. Ngongole zambiri za pa gulu zimathera m'mazana ndiye simungaone kusiyana pa pepala. Koma tsiku lina wina adzatsala ndi 12,333, ndiye `/` adzakupatsani 2,466.6 pomwe yakale inkapereka 2,466. Ndipo 7000.0 uja akalowa mu ngongole, chilichonse chophatikizidwa naye chimasandukanso cha zidutswa, matenda nkufalikira mpaka mmunsi. Ndi bwino kuudula pa gwero.

wa_ku_limbe

Ine sindikumvetsa chifukwa chake mukuvutikira. Python 2.7.18 ikadalipo pa python.org, ikani imeneyo sikiripiti iyende ngati kale. Chosathyoka mukuchikonzeranji? Ife kuntchito kuno tili ndi kompyuta ya pa sikelo imene ikadali pa Python 2 mpaka lero, palibe waikhudza ndipo matumba akutuluka.

Namadzi265

Achimwene a ku Limbe, Python 2 anasiya kuisamalira pa 1 Januwale 2020, 2.7.18 ija inatuluka mu Epulo 2020 ngati yotsanzikira. Lero muika, chaka chamawa laputopu ina ifanso, wina adzayambirenso pomwepa. Mizere yake ndi yochepa, angomaliza.

wa_ku_limbe

Kasikiripiti kowerengera ndalama za amayi 24, kosalumikiza pa intaneti nkomwe, kakuopa chiyani kwa akuba a pa makina? Loweruka lili pafupi. Ine ndikanati agawane kaye ndi yakale, zokonza azichita Januwale mtima uli pansi.

Gogo_Fortran

Apa a ku Limbe anena zoona mbali imodzi, ndipo ndikufuna achemwali aikedi Python 2, ngakhale chifukwa changa nchosiyana. Muikeni akhale mboni. Palibe amene akudziwa bwino mmene sikiripitiyi inkachitira kuposa Python 2 mwini wake, ndipo ali ndi njira yokuuzani mizere yokayikitsa. Pa Windows zonse ziwiri zimakhala limodzi bwinobwino, mumangosankha ndi `py -2` kapena `py -3`. Tengani fayilo yoyambirira, yosakhudzidwa, muiyendetse chonchi:

```
py -2 -Qwarn gawo_akale.py > akale.txt
```

Paliponse pamene nambala yathunthu yagawidwa ndi yathunthu inzake, ilemba pa sikirini nambala ya mzere pamodzi ndi mawu oti `DeprecationWarning: classic int division`. Imeneyo ndiye mizere imene tanthauzo lake lasintha. Wa `float` uja suoneka, chifukwa sunasinthe. Zotuluka zenizeni zipita mu `akale.txt`. Mukamaliza kukonza yendetsani yatsopano ndi manambala omwewo nkufananitsa:

```
py -3 gawo.py > atsopano.txt
fc akale.txt atsopano.txt
```

Chimene mukufuna nchakuti `fc` asapeze kusiyana kulikonse kupatula mzere wa peresenti, umene tikudziwa kale chifukwa chake. Kusiyana kwina kulikonse kukaoneka, musapitirire mpaka mutadziwa gwero lake.

Malire ake ndinene poyera. `-Qwarn` sawerenga fayilo ngati munthu, amangochenjeza pa mzere umene wayendadi. Ngati pali `if` wa munthu wochoka pakati pa chaka, ndipo chaka chatha palibe anachoka, kugawa kwa mkati mwake sikudzatchulidwa. Komanso sakuuzani choti muike. Mzere wa peresenti autchula chimodzimodzi ndi wa 50 uja, pomwe wina ukufuna `/` wina `//`. Kusankha nkwanu.

chemwali_wa_mbayani

Fayilo yoyambirira ndili nayo pa fulashi, mwayi wake sindinaisinthe. Ndiyesa madzulo ano magetsi akabwera, batire ya laputopuyi sipitirira mphindi makumi awiri. Nanga za maina kutuluka mzere umodzi? Palibe wandiyankha.

Namadzi265

Ndi `print` wa yekha uja, womaliza mu `for`. Mu Python 2 mawu amenewo pa okha ankatseka mzere. Mu Python 3 `print` ndi dzina la fankishoni, ndiye kulemba dzinalo popanda mabulaketi kuli ngati kutchula dzina la munthu osamutuma kanthu. Sicholakwika pa malamulo a chilankhulo, nchifukwa chake sinakulozereni, koma sichichitanso chilichonse. Inu munkatsatira pomwe Python akudandaula, ndiye uyu anakupulumukani. Ndikuganiza kuti pa mizere iwiri ya pamwambayo munaika kale `end=" "`, apo ayi dzina ndi ndalama zikanatuluka mizere yosiyana. Zikhale chonchi:

```python
print(dzina, end=" ")
print("K%d" % gawo, end=" ")
print()
```

Kapena kungophatikiza zonse mu umodzi, `print(dzina, "K%d" % gawo)`, zithe. Pokhapokha ngati mukufananitsa ndi `fc`, dziwani kuti wa mizere itatuwo amasiya kampata kumapeto kwa mzere komwe Python 2 sankasiya. Mu Python 2 kampatako kankadikira kuti kaikidwe chinthu chotsatira chikabwera, ndipo mzere ukatsekedwa kankangotayika. Wa mzere umodziwo ndiye utulutsa zofanana ndi zakale.

chemwali_wa_mbayani

Eee ndinaikadi `end=" "`, ndinaona pena pake kuti chizindikiro cha `,` kumapeto chimatanthauza zimenezo. Ndasintha kukhala mzere umodzi, maina abwerera m'malo mwake.

Kadziwotche

Pepani ndalowa mochedwa. Inuyo vuto lanu ndi pulinta eti? Yanga inkachitanso zomwezo kusindikiza zonse mzere umodzi, anyamata a pa Ginnery Corner anangoikamonso dalaivala yake zinatheka.

mbewa_ya_manyazi

Akulu, `print` uyu ndi wolemba pa sikirini, pepala silikukhudzidwa. Khalani pansi mumwe tiyi.

Kadziwotche

Ooh. Basi pitirizani. Koma funso langa lilipobe: K950 yotsalayo amadya ndani?

chemwali_wa_mbayani

Palibe amadya akulu, imagula zakumwa pa tsiku logawana, ikachepa amasonkherana. Zili m'malamulo a gulu.

Kadziwotche

K950 masiku ano zakumwa zingati? Kwathu ku Chilomoni zotsala amapatsa alembi ya sopo, anthu nkumang'ung'udza chaka chonse. Gulu lina linatha chifukwa cha K2,000 yokha, anthu opemphera limodzi mpaka osapatsana moni pa mjigo.

wa_ku_limbe

Ndiye mwaona chifukwa chake ndikuti musakhudze chinthu sabata yogawana.

mbewa_ya_manyazi

Tibwerere ku `print`, pali msampha wina woti achemwali auyang'ane. Ndaona pali `open("zotuluka/gawo.txt", "w")`, ndiye penapake payenera kuti pali mzere wonga `print >>f, dzina, gawo`. Umenewonso Python 3 saukana poyamba, amauwerenga ngati masamu a `>>`. Umaphulika pokhapokha pulogalamu ikafika pa mzerewo, ndi `TypeError` yonena za `unsupported operand type(s) for >>`. Ngati kulemba fayiloko kumachitika pokhapokha munthu akayankha kuti inde asunge, mudzakumana nazo Loweruka pamaso pa anthu. Choyenera ndi `print(dzina, gawo, file=f)`.

Ine zinandionekera ndi sikiripiti ya malisiti kuntchito yakale. Ndinayesa sabata yonse zili bwino, tsiku lotseka mwezi nkugwa pa mzere wosunga lipoti. Choipa china nchakuti `"w"` anali atafufuta kale lipoti la mwezi wam'mbuyo potsegula fayilo, ndinatsala ndi fayilo yopanda kanthu ndi bwana ataima kumbuyo kwanga.

chemwali_wa_mbayani

Ulipo! Iwiri, pansi penipeni. Ndikanafa ine.

Namadzi265

Nchifukwa chake ine za `print` sindichita pa manja. Pali chida chake chimene chinkabwera ndi Python, `2to3`, ndipo pa 3.12 yanuyo chikadalimo. Anachichotsa mu 3.13, ndiye musakweze musanamalize.

```
py -3.12 -m lib2to3 -w gawo.py
```

Chimagwira mitundu yonse ya `print`: wa yekha, wa `,` kumapeto, wa `>>f`, ndipo chimasiya fayilo yakale ndi dzina lothera `.bak`. Mukachotsa `-w` chimangokuonetsani zomwe chikufuna kusintha osakhudza kanthu. Koma chipatseni kope la fayilo yoyambirira, osati imene mwakonza kale pa manja. Chikapeza `print(dzina, gawo)` chimaganiza kuti ndi Python 2 wosindikiza zinthu ziwiri zomangidwa pamodzi, nkuwonjezera mabulaketi ena kukhala `print((dzina, gawo))`. Zikatero pa sikirini patuluka mabulaketi ndi timakoti tozungulira dzina, zonyansa.

Kugawa sichikhudza ngakhale pang'ono. Sichingadziwe ngati `thumba` ndi yathunthu kapena ya zidutswa popanda kuyendetsa pulogalamu, ndiye chimangodutsa. Anthu ambiri amapusitsika pamenepa, chida chatha bwino popanda dandaulo, iwo nkumati ntchito yatha.

Phwitiko

Ine panga ndimalemba `int(gawo / 50) * 50`, imawerengeka bwino kuposa timizere tiwiri topendekera. Nzofanana.

Gogo_Fortran

Nzofanana bola nambala isatsike pansi pa ziro. Achemwali, chaka chino alipo amene ngongole yake yaposa gawo lake?

chemwali_wa_mbayani

Alipo mmodzi, geni yake ya kaunjika inagwa. Mayi akuti tikachotsa gawo lake atsala ndi ngongole ya K12,330. Chaka chatha kunalibe wotero, onse anamaliza kubweza tsiku lisanafike.

Gogo_Fortran

Ndiye funso langa silinapite pachabe. Pamenepo `gawo` akhala -12,330, kugawa kwa 50 ndi -246.6. Python 2 ankatsitsira pansi nthawi zonse, ndipo pansi pa -246.6 pali -247, choncho yakale ikanati -12,350. `//` amachita chimodzimodzi. Koma `int()` amangodula mchira kulowera ku ziro, apereka -246, yomwe ndi -12,300. Njira ya Phwitiko ikhululukira mayiwo K30, yakale iwawonjezera K20, ndipo pakati pa ziwirizo pali K50.

Taonaninso kuti kufananitsa ndi manambala a chaka chatha sikukanagwira zimenezi, chifukwa munalibe wa ngongole. `fc` akanati zonse zili bwino. Choncho poyesa onjezerani anthu ongopeka atatu kapena anayi: wa ngongole yoposa gawo, wa masheya 0, wa ngongole yosathera m'mazana. Muyendetse mbali zonse ziwiri.

mbewa_ya_manyazi

Koma agogo, apa ine ndikutsutsani pang'ono. Yakale ikuti -12,350, chabwino, koma kodi gulu linagwirizanapo kuti wa ngongole aziwonjezeredwa? Msuweniyo polemba mzere wa 50 ankaganiza za olandira, za obweza sanaziganize nkomwe. Kumuuza mayi amene geni yagwa kuti abweze K20 yoposa chifukwa Python 2 ankatero, ine sindikuona chilungamo chake. Ndikanaika `if gawo > 0` kuti kuzungulitsako kukhudze olandira okha, wa ngongole aone nambala yake yeniyeni.

Gogo_Fortran

Sindikukana kuti mwina nkoyenera. Ndikukana kuchita zonse ziwiri tsiku limodzi. Lero ntchito ndi kusamutsa: yatsopano itulutse zimene yakale inkatulutsa, mpaka `fc` akhale chete. Zikatero sungani kope. Kenaka musinthe lamulo, podziwa kuti kusiyana kulikonse mwabweretsa ndi inu. Mukasakaniza, nambala ikasiyana simudziwa ngati ndi dala kapena ngozi. Ndipo za K20 asagamule mwana wa msungichuma yekha pa laputopu, akafunse komiti.

mbewa_ya_manyazi

Peresenti ija mwalola kuti isinthe tsiku lomwelo.

Gogo_Fortran

Peresenti silowa m'thumba la munthu.

mbewa_ya_manyazi

Hmm. Mwazemba bwino koma sindinakhutire.

Namadzi265

Pamene mukukangana, wina asabwere ndi nzeru yoti `round` athetsa nkhaniyi, chifukwa nayenso anasintha. `round(2.5)` mu Python 2 ankapereka 3.0, mu Python 3 amapereka 2, chifukwa theka lenileni limapita ku nambala yogawika pawiri yapafupi. `round(3.5)` ndi 4 konse. Achemwali, ngati muli `round` mu fayilo yanu muuikenso pa mndandanda wa okayikitsa.

chemwali_wa_mbayani

Mulibe, ndasakasaka. Zikomo Mulungu.

tate_wa_mapasa

Nkhani yanuyi yandikumbutsa yanga, mwina ithandiza wina. Tinali ndi kasikiripiti kowerengera chindapusa cha obweza mabuku mochedwa pa kalaibulale ka tchalitchi kwathu ku Bangwe, K500 pa sabata yathunthu iliyonse. Munali `masabata = masiku / 7`. Titasamukira ku Python 3, wochedwa masiku 10 anayamba kulipitsidwa K714 m'malo mwa K500, wochedwa masiku atatu amene kale sankalipira kanthu nkumuuza K214. Tinatha miyezi iwiri osadziwa, mpaka mtsikana wina wa sekondale anafunsa kuti K14 aipeza kuti. Kuyambira pamenepo nambala ya ndalama ikathera modabwitsa ndimayamba kukayikira kugawa.

Chomwe ndinaphunzirapo china nchakuti zolakwika zaphokoso ndi zabwino. Mu fayilo yomweyo munali `range(n / 2)` ndipo inagwa nthawi yomweyo ndi `'float' object cannot be interpreted as an integer`, tinakonza mphindi imodzi. Ya masabatayo inangokhala phee.

Kadziwotche

Ndiye amene analipira K714 munawabwezera?

tate_wa_mapasa

Amene tinawapeza. Ena anati ikhale ya chopereka.

wa_ku_limbe

Mwaona? Akanasiya pa Python 2 palibe akanaberedwa.

Namadzi265

Ndipo peresenti ya achemwali ikanakhala 0 mpaka Yesu adzabwere. Kusintha kumeneku sikunabwere mwadzidzidzi achimwene. `//` ndi `from __future__ import division` zinalipo kuyambira Python 2.2 mu 2001, Python 3.0 nkudzatuluka mu Disembala 2008. Vuto la `/` wakale linali lakuti mzere umodzi womwewo unkachita zinthu ziwiri malinga ndi chimene walandira: 7 kugawa 2 nkukhala 3, koma 7.0 kugawa 2 nkukhala 3.5. Inu pa sikelo panu, tsiku limene wina adzalembe 50.0 m'malo mwa 50, matumba adzatuluka ndi zidutswa pa Python 2 yemweyo.

Gogo_Fortran

Namadzi wakhudza chinthu chimene ndinaiwala kufunsa. Achemwali, `thumba` amalowa bwanji mu pulogalamu? Ngati amawerengedwa ndi `int(...)` tili bwino. Ngati ndi `input()` wakale, Python 2 ankatenga zomwe mwalemba nkuziwerenga ngati khodi, mukalemba 4387500 yathunthu, mukalemba 4387500.50 ya zidutswa, ndipo kugawa konse kwa mmunsi kunkasintha khalidwe. Mu Python 3 `input()` amabweza mawu chabe. `2to3` akapeza wakaleyo amaika `eval(input())`, chimene sindikufuna kuchiona m'pulogalamu ya ndalama. Muike `int(input())`, munthu akalemba matambala ikane poyera.

chemwali_wa_mbayani

Ndabwera ndi lipoti, magetsi anabwera cha m'ma 9. `thumba` ndi `int(raw_input())`, chidacho chasintha kukhala `int(input())`, ndiye pamenepo palibe nkhawa. Ndinayambiranso pa kope la fayilo ya pa fulashi monga ananenera a Namadzi, nkuikanso `print` wa mzere umodzi uja. `-Qwarn` inatchula mizere inayi: `pa_sheya`, wa 50, chiwongola dzanja ndi peresenti. Itatu ndaika `//`, peresenti ndasiya. Mayi a masheya 85 abwerera pa K300,700, zotsala K950, ndipo `fc` akungonena mzere wa peresenti wokha.

Nditaika anthu ongopeka panatuluka chenjezo lachisanu limene silinaoneke poyamba, mkati mwa `if` wa chilango cha osamaliza kubweza, `miyezi = masiku / 30`. Ndi ya a tate_wa_mapasa yeniyeni. Pofufuza ndi maso ndinaudumpha chifukwa uli mu kafayilo kena kamene sikiripiti imaitana, `chilango.py`, sindinkadziwa nkomwe kuti kakugwiritsidwa ntchito. Nakonso ndakadutsitsa pa chida chija.

Za mayi a ngongole ndawauza mayi. Akuti pa -12,350 sangayerekeze nkomwe kuwerenga pagulu, koma sangasinthenso okha, akumana ndi apampando ndi alembi Lachinayi. Ndakonza mafayilo awiri, ina ya `if gawo > 0` ina yopanda.

mbewa_ya_manyazi

Mukasankha ya `if`, zotsala m'bokosi zitsika ndi K20 poyerekeza ndi inayo, musadzadabwe nkuyambanso kusaka cholakwika.

Phwitiko

Zitatu mwa zinayi zinali `//`, kuonjeza yachisanu ija zinayi mwa zisanu. Ine ndinakhoza mayeso, agogo avomereze.

Gogo_Fortran

Pa Python 2, 4 kugawa kwa 5 kuchulukitsa 100 wapeza zingati?

wa_ku_limbe

Achemwali, Python 2 mwaikayo musaichotse msanga. Loweruka muyendetse zonse ziwiri musanatchule dzina la munthu woyamba, ndipo laputopu mukaitchajiretu kwa aneba a sola.